Mafunso pa Ksp: kodi CaF₂ imasungunuka yochuluka bwanji?

Andipatsa Ksp ya CaF₂ yokha, 3.9 × 10⁻¹¹ pa 25 °C. Ndipeza bwanji mamolo osungunuka mu lita imodzi ya madzi?

CaF₂ ndi mchere wa kashiamu fulorayidi, ndipo Ksp ndi nambala yosonyeza malire a kusungunuka kwake. Yambani mwalemba mmene mcherewu umagawikira m'madzi: CaF₂ ⇌ Ca²⁺ + 2F⁻. Mamolo osungunuka pa lita tiwatche s. Molo iliyonse ikasungunuka imatulutsa molo imodzi ya kashiamu ndi mamolo awiri a fulorayidi, ndiye [Ca²⁺] = s pomwe [F⁻] = 2s.

Ksp = [Ca²⁺][F⁻]² = s × (2s)² = 4s³

Gawani 3.9 × 10⁻¹¹ ndi 4, mupeza 9.75 × 10⁻¹². Kyubu ruti yake ndi s = 2.1 × 10⁻⁴ mol/L, pafupifupi mamiligalamu 17 mu lita yonse, kaufa kongokwana pansonga ya mpeni.

Nanga m'madzimo mukakhala kale NaF ya 0.010 mol/L?

NaF imasungunuka yonse, choncho fulorayidi wa 0.010 alimo CaF₂ isanathiridwe n'komwe. Ksp siisintha malinga kutentha kuli komweko. Kashiamu ndiye ayenera kuchepa. Tsopano [F⁻] = 0.010 + 2s, koma 2s ndi kakang'ono zedi, ndiye tikusiya:

s × (0.010)² = 3.9 × 10⁻¹¹, kutanthauza s = 3.9 × 10⁻⁷ mol/L

Kusungunuka kwatsika ka 550 kapena kuyandikira apo. Mukatero bwererani mukaone ngati 2s inalidi yoyenera kusiyidwa. Pano ndi 7.8 × 10⁻⁷, yosafika ndi pomwe pa 5 peresenti ya 0.010 yomwe mabuku ambiri amaika ngati malire. Ikadapitirira, mukadayenera kuibwezera mu samuyo.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi polemba (2 × 0.010)², poti anazolowera 2s. Ayi ndithu. 2 uja ndi wa fulorayidi wochokera ku CaF₂ yekha. Wa NaF walowa ali 0.010 ndipo akhala 0.010. Mukapeza 9.8 × 10⁻⁸, dziwani kuti mwalakwa pomwepa.

Ndikathira kashiamu m'malo mwa fulorayidi, zikhala chimodzimodzi?

Ayi. Mu Ca(NO₃)₂ ya 0.010 mol/L samu ikhala 0.010 × (2s)² = 3.9 × 10⁻¹¹, ndipo s = 3.1 × 10⁻⁵ mol/L. Kwatsika ka 7 kokha. Fulorayidi amapondereza kwambiri chifukwa mu Ksp ali ndi sikweya, kashiamu alibe.

Ndiye mchere wa Ksp yaing'ono ndi umene umasungunuka pang'ono?

Pokhapokha micherewo ikamagawika mofanana. Ksp ya AgCl ndi 1.8 × 10⁻¹⁰, yoposa ya CaF₂, komabe pa AgCl samu ndi s² basi, ndipo s = 1.3 × 10⁻⁵ mol/L, kuchepera ka 16 poyerekeza ndi CaF₂.

Ndi liti pamene masamuwa amanama?

M'madzi a asidi. H⁺ amagwira F⁻ n'kupanga HF, fulorayidi womasuka amachepa, ndipo CaF₂ imasungunuka yambiri kuposa 2.1 × 10⁻⁴ mol/L imene tapeza ija.