Mayina a pulaneti, ufumu ndi mizinda yopeka: mafunso ndi mayankho

Ndapeka mayina khumi a m'nthano yanga, koma lililonse likumveka ngati lachokera kwina. Ndalakwitsa pati?

Mwayambira pa mayina m'malo moyambira pakamwa pa anthu amene anawatchula. Malo enieni amamveka a mtundu umodzi chifukwa amene anawapatsa mayina ankayankhula chinenero chimodzi. Ufumu wa Buganda, anthu ake ndi Baganda ndipo chinenero ndi Luganda: tsinde ndi limodzi, chikusintha n'choyambira chokha. Kazakhstan, Afghanistan ndi Uzbekistan amathera ndi "stan", mawu a Chiperisiya otanthauza malo kapena dziko.

Choncho yambani mwasankha makonsonanti ochepa ndi mavawelo atatu okha. Tiyese ndi d, k, l, n, s, v komanso a, e, o. Dzina lililonse la mu ufumuwo lichokere m'zilembo zimenezi basi. Chilembo r ndachisiya dala, chifukwa ambiri a ife timatchula l ndi r mofanana, ndiye Vela ndi Vera owerenga adzaziyesa malo amodzi.

Ndiye kuti ndipeke chinenero chonse?

Ayi. Timawu tisanu kapena tisanu ndi kamodzi n'tokwanira, ndipo tikhale ta zinthu zimene anthu amaona akafika pamalo. Tinene kuti *dal* ndi mwala, *vo* ndi madzi, *sa* ndi dzuwa, *nel* ndi nthaka, *kan* ndi linga, *don* ndi dziko. Kenako ikani lamulo limodzi la kalumikizidwe: mawu ofotokoza azikhala poyamba, chinthu chenichenicho pomaliza.

Mukatero mayina amabwera okha. Ufumu ndi Sadon, dziko la dzuwa. Likulu ndi Dalkan, linga la miyala. Mzinda wa padoko ndi Vokan, ndipo wa alimi ndi Sanel. Wowerenga sadziwa tanthauzo la *kan*, koma akaliona kawiri khutu lake limagwira kuti mizinda iwiriyi inamangidwa ndi anthu amodzi. Lamuloli musaliphwanye pakati pa nthano. Mukalemba Kandal pamene ena onse ndi Dalkan ndi Vokan, zimamveka ngati mwalowa ufumu wina.

Chinanso, mayina akale amaperepeseka pakamwa. Ngati Dalkan ndi mzinda wa zaka mazanamazana, anthu ake mwina anameza kale l n'kumati Dakan. Siyani Dalkan m'makalata a kunyumba yachifumu, anthu wamba aziti Dakan.

Nanga pulaneti?

Funsani kuti analitcha ndani. Eni malo kawirikawiri amatchula dziko lawo ndi mawu a pansi pamene apondapo, monga mmene Terra m'Chilatini amatanthauzira nthaka. Ndiye kwa anthu a ku Sadon pulaneti lawo ndi Nelo, kuchokera ku *nel*. Likhale lalifupi kuposa mayina ena chifukwa ndi lakale kwambiri. Ngati analitcha ndi alendo ochokera kutali, lingathe kukhala ndi zilembo zachilendo, koma nthano inene zimenezo.

Kodi mayina sadzafanana mpaka kusokoneza owerenga?

Akhoza kufanana, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Dakan, Vokan ndi Sakan akakhala pa tsamba limodzi, diso limangoona "kan" katatu. N'chifukwa chake mzinda wachitatu ndautcha Sanel. Mathero amodzi asachuluke m'mayina a mizinda, ndipo malo awiri amene amatchulidwa pafupipafupi asayambe ndi chilembo chimodzi. Apa Sadon ndi Sanel ndawalekerera poti wina ndi ufumu, wina ndi mzinda wongodutsapo. Onse akanakhala mizinda yomenyana nkhondo, ndikanasintha dzina limodzi.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Werengerani mnzanu mayina onse mokweza kamodzi, mucheze zina kwa kanthawi, kenako mum'funse kuti likulu ndi liti ndipo doko ndi liti. Amene wawasokoneza ndi amene muyenera kukonza. Fufuzaninso dzina lililonse pa intaneti, chifukwa mawu afupi ngati awa nthawi zina amapezeka kuti ndi dzina la kampani kapena mawu otukwana m'chinenero china.

Ndili ndi dzina limodzi limene ndimalikonda koma silikutsata zilembo zimenezi. Ndilitaye?

Lisungeni, koma mulipatse mbiri. Ku England kuli Chester ndi Lancaster, ochokera ku "castra", mawu a Chilatini otanthauza msasa wa asilikali, komanso Grimsby ndi Whitby, amene "by" wawo anabwera ndi anthu a ku Scandinavia. Mtundu uliwonse umene unakhalapo unasiya mayina ake. Ndiye mzinda wanu wa Ushimu ukhale wa anthu amene anagonjetsedwa. A ku Sadon alibe u, i, sh ngakhale m, choncho pakamwa pawo umatuluka Oseno. M'nthanomo, amene akunena Ushimu tidziwiratu kuti ndi mbadwa, ndipo amene akunena Oseno ndi wa kwa mfumu. Mayina achilendo otere akhale awiri kapena atatu, a kudera limodzi la mapu, ndipo nawonso agawane zilembo zawo: pafupi ndi Ushimu pakhale mtsinje wa Mishu.