Kubwereza mawu si njira yokha yowapatsa mphamvu

"Ndamva kuti pulogalamu yojambula zithunzi siyisamala dongosolo la mawu, bola walemba ambiri. N'zoona?"

Ayi, ndipo ndatopa kumva zimenezi chaka ndi chaka. Stable Diffusion 1.5, imodzi mwa mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera ku mawu amene mwalemba, imawerenga mawuwo kudzera mu gawo lake lotchedwa CLIP. CLIP imadula mawu kukhala tizidutswa totchedwa matokeni, ndipo ili ndi malo a matokeni 77 okha, awiri mwa iwo ndi zizindikiro za poyambira ndi pothera. Otsala ndi 75, ndipo liwu limodzi lachilendo limatha kudya matokeni angapo. Zopitirira pamenepo mapulogalamu ena amangozidula, ena amazigawa m'magulu.

Mu CLIP tokeni iliyonse imaona zokhazo zimene zalembedwa iyo isanafike. Choncho liwu loyambirira limakhudza mawu onse otsatira, pomwe lomalizira limakhudza ochepa. Kawirikawiri n'chifukwa chake zoyamba zimaonekera kwambiri, ngakhale si nthawi zonse.

Dziyesereni nokha. Sungani `seed` imodzi, nambala imene imakhazikitsa poyambira pa chithunzi, lembani `red car, foggy forest`, kenaka `foggy forest, red car`, muone ngati galimoto yachepa. Bwerezani ndi ma `seed` anayi kapena asanu, chifukwa chithunzi chimodzi chimanamiza.

Mapulogalamu ena amalola `(red car:1.2)` pofuna kulemeretsa liwu. Mukakweza mopitirira, mitundu imapsa ndipo maonekedwe amapindika. Musanauze ena lamulo lililonse lotere, liyeseni kaye.