Chidule cha kafukufuku: zimene anapeza zapatsidwa malo okwanira?

Lipoti la kafukufuku limayamba ndi ndime imodzi yofotokoza mwachidule ntchito yonse, ndipo anthu ambiri amawerenga ndime imeneyi basi. Magazini ambiri a zasayansi amalola mawu apakati pa 150 ndi 300. Pamalo ochepa chonchi payenera kulowa cholinga cha kafukufuku, njira imene anatsata, zimene anapeza, ndi tanthauzo la zimene anapezazo. Chimodzi chikanenepa, china chimaonda, ndipo chimene chimaonda kawirikawiri ndi zimene anapeza.

Ndikalandira chidule cha wophunzira sindiyamba ndi kukonza galamala. Ndimatenga zolembera za mitundu inayi, n'kudula mzere kunsi kwa chiganizo chilichonse malinga ndi ntchito yake, kenako ndimawerengetsera mawu a mtundu uliwonse. Inunso mukhoza kutero, ngakhale phunzirolo musakulidziwa.

Tiyerekeze kuti wophunzira wafufuza ngati matumba osalowa mpweya amateteza chimanga kwa anankafumbwe kuposa matumba wamba. Chidule chake chili ndi mawu 250. Mawu 110 oyambirira akunena kuti chimanga ndi chakudya chodalirika ndiponso kuti alimi amataya zokolola. Cholinga chatenga mawu 20, njira 60, tanthauzo 35. Zimene anapeza zatsala ndi mawu 25 okha, onena kuti panali kusiyana kwakukulu pakati pa matumba awiriwo.

Kusiyana kotani? Chimanga chinafumbwa motani m'thumba ili, nanga m'thumba linalo? Patapita miyezi ingati? Woweruza sakuuzidwa, ndipo woweruzayo ndi inu awerengi. Komabe kumapeto wophunzira akulangiza kuti alimi onse agule matumbawo. Malangizo aakulu chonchi atsamira pachiganizo chopanda nambala n'imodzi yomwe. Mlangizi wa zaulimi sangapite nawo kumudzi.

Ine ndingamuuze kuti mawu oyamba pamodzi ndi cholinga akhale pafupifupi 50, njira 65, zimene anapeza 100, tanthauzo 35. Si lamulo lolembedwa, ndi muyeso umene ndimaona kuti umathandiza: zimene anapeza zikhale gawo lalikulu kuposa onse, chifukwa ndizo zokha zimene wowerenga sakanazidziwa kafukufukuyo akanapanda kuchitika. Zoti chimanga n'chofunika, aliyense akudziwa kale.

Taonani chitsanzo chenicheni. Mu 2012 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa Sarah Baird ndi anzake wochitikira ku Zomba, woona ngati kupatsa atsikana ndi mabanja awo ndalama mwezi ndi mwezi kungachepetse HIV. Chidule chake chimanena kuti patatha miyezi 18, mwa atsikana apasukulu a m'gulu lolandira ndalama, 7 mwa 490 anapezeka ndi HIV, pamene m'gulu losalandira anali 17 mwa 799. Chimanenanso kuti kwa atsikana amene anali atasiya kale sukulu sikunaoneke kusiyana kodalirika. Chiganizo chomalizachi n'chimene chimayamba kutayidwa malo akachepa, pomwe ndicho chikusonyeza malire a nkhani yonse. Mukaona 7 ndi 17 mumadziwanso nokha kuti manambalawo ndi ochepa, ndipo mumalandira tanthauzo lake mosamala.

Mukatha kuwerengetsera mawu, chitaninso izi. Werengani cholinga, kenako lumphirani kumapeto: kodi tanthauzo likuyankha funso limene linafunsidwa? Ngati cholinga chinali kuyeza kufumbwa kwa chimanga koma mapeto akukamba za phindu la mlimi pamsika, ndiye kuti wolemba wadumphira kumene sanafufuze. Mawu ngati "zasonyeza" kapena "zachepetsa" akhale ndi umboni wake m'gawo la zimene anapeza, ndipo manambala a m'chidule afanane ndi a m'kati mwa lipoti. Izi sizichitika kwa ophunzira okha. Mu 1999 Roy Pitkin ndi anzake anaunika zidule za m'magazini akuluakulu asanu ndi imodzi a zachipatala, ndipo anapeza kuti pakati pa 18 ndi 68 peresenti, malinga ndi magazini, zinali ndi mfundo zosiyana ndi za m'lipoti kapena zosapezekamo n'komwe.

Muyesowu uli ndi malire ake. Kafukufuku wobweretsa njira yatsopano yoyezera zinthu ayenera kupatsa njirayo malo ambiri. Chidule cha ntchito imene sinayambe sichingakhale ndi zopeza. Ndipo amene anafufuza pocheza ndi anthu sangakupatseni maperesenti, koma atchule mfundo zenizeni zimene anthuwo ananena, osangoti "panatuluka mitu itatu" n'kulekera pomwepo osaitchula.