Katumba kukungana usiku: nthochi si mankhwala ake

"Katumba wanga amakungana usiku mpaka ndidzuke ndi ululu. Anzanga akuti mchere wachepa m'thupi, ndizidya nthochi. N'zoona?"

Kawirikawiri ayi. Ambiri amene izi zimawachitikira, akawayeza magazi, potaziyamu, mchere umene uli mu nthochi, amapezeka wokwanira. Mchere umaperewera pamene munthu watsegula m'mimba, wasanza kwambiri, kapena akumwa mankhwala okodzetsa monga furosemide. Kwa enafe vuto ndi mnofu wotopa: kulima tsiku lonse, kupalasa kabaza, kuima nthawi yaitali. Ukalamba komanso kukhala ndi pakati zimawonjezera. Ndiye pogona zala zikaloza pansi, makamaka bulangete likamangika kumapazi, katumba amafupika, ndipo mnofu wofupika suchedwa kukungana.

Mnofu ukakungana, wongolani mwendo, kokerani zala cha kubondo mpaka umasuke, kenako yendani pang'ono. Musanagone, imani moyang'ana khoma, manja pakhoma, mwendo umodzi kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chisachoke pansi. Weramirani kutsogolo masekondi 30, katatu mwendo uliwonse. Ena zimawathandiza, ena pang'ono chabe. Kwinini musamwe pa vutoli. Amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuyambitsa kutaya magazi.

Kukungana wamba kumatha m'mphindi zochepa. Koma mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka osaleka, makamaka mutangobereka kapena mutayenda ulendo wautali wa basi monga wa ku Joni, mwina magazi aundana mumtsempha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osausisita. Ululu wobwera poyenda n'kutha mukaima umaloza mitsempha yamagazi yopanikizika, ndipo dzanzi kumapazi likufunika kuyezetsa shuga.