Karela ndi matenda a shuga: chenjerani ndi madzi ake

Anthu ambiri odwala matenda a shuga muno mu Blantyre ayamba kufunsa za karela, chipatso chobiriwira chokhala ngati nkhaka koma cha khungu la tiziphuphu komanso chowawa kwambiri, chimene amwenye amakonda kudya ngati ndiwo ndipo chimapezeka nthawi zina ku Limbe. N'zoona kuti karela amatsitsako shuga m'magazi, koma amatsitsa pang'ono, ndipo mphamvu yake siifanana tsiku ndi tsiku chifukwa imadalira kukula ndi kukhwima kwa chipatsocho. Palibe mlingo wake umene achipatala anakhazikitsa. Choncho sangalowe m'malo mwa mankhwala amene munalemberedwa m'buku lanu lakuchipatala.

Njira yabwino ndi kumudya ngati ndiwo. Sankhani wobiriwira ndi wolimba, mutsuke, mumung'ambe pakati m'litali ndi kuchotsa nthangala zonse ndi sipuni. Mudule tizidutswa topyapyala, muwaze mchere pang'ono, mudikire mphindi 20 kapena 30, kenako mufinye ndi kutsukuluza kuti kuwawa ndi mcherewo zichepe. Mukazinge ndi anyezi ndi tomato m'mafuta ochepa. Karela mmodzi wamng'ono akwanira munthu mmodzi. Kudya motere n'kwabwino chifukwa amalowa m'mimba limodzi ndi nsima. Wakupsa, wachikasu kunja ndi wofiira mkati, musiyeni, ndipo ana asamwe madzi ake kapena kudya nthangala zake. Amayi oyembekezera amupewe chifukwa angathe kuchititsa kuti apite padera.

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi madzi a karela wamuwisi, wosinja kapena wogaya, amene anthu amalangizana kumwa m'mamawa asanadye kanthu. M'kapu imodzi mumalowa zipatso zingapo, ndipo mphamvu yake imawonjezera pa ya mankhwala. Ngozi ndi yaikulu kwa amene amamwa gilibenkilamaidi kapena kubaya insulini, chifukwa mankhwala awiriwa amatsitsa shuga ngakhale munthu asanadye. Metifomini, amene ndi mtundu wina wa mapiritsi a matenda a shuga, payekha sachita zimenezi kawirikawiri.

Tiyerekeze mayi wa ku Ndirande amene amamwa gilibenkilamaidi wa mamiligalamu 5 m'mawa uliwonse. Tsiku lina wamwa piritsi lake 6 koloko, wamwanso kapu ya madzi a karela, ndipo phala walisiya chifukwa akuthamangira minibasi yopita kukapikula katundu. Ikamakwana 10 koloko wayamba kunjenjemera, thukuta lozizira likutuluka, mtima ukugunda kwambiri, njala yamugwira mwadzidzidzi ndipo akuona chidima. Akanayeza ndi kamakina koyezera shuga m'magazi, akanapeza mwina 3.2 mmol/L. Nambala iliyonse yochepera 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, ndiye kuti shuga watsika kwambiri.

Mayiyu akhale pansi ndipo amwe msanga masipuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la botolo laling'ono la chakumwa chozizira chokhala ndi shuga. Pano musaope shuga, ndiye mankhwala ake. Pakatha mphindi 15 ayezenso, ndipo ngati sanafike pa 3.9 kapena sakupeza bwino, amwenso mlingo womwewo. Kamakina kakakhala palibe, musadikire, zizindikirozo n'zokwanira. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni monga buledi, mbatata kapena nsima. Apitebe kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa gilibenkilamaidi amakhala m'thupi mpaka tsiku lathunthu ndipo shuga angatsikenso madzulo kapena usiku ali mtulo.

Shuga akatsikiratu, munthu amalankhula zosamveka, amadzandira, amakalipa popanda chifukwa, ndipo anthu pamsika angaganize kuti waledzera. Kenako amakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Wokomoka musamuthire chakumwa m'kamwa chifukwa angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali ndi kuthamanga naye ku chipatala chapafupi kapena ku Queens, kumene amamupatsa shuga kudzera mumtsempha. Tengani buku lake ndi mankhwala ake, ndipo muwauze adokotala kuti anamwa karela. Musabise poopa kukalipiridwa.

Achikulire, odwala impso, omwa mowa ndi amene akusala kudya chifukwa cha mapemphero ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo madzi a karela asawayandikire n'komwe. Chimodzimodzi ufa ndi makapisozi a karela ogulitsidwa m'mabotolo, popeza mphamvu yake siidziwika. Ngati mukufuna kumadya karela ngati ndiwo, yambani mwawauza a ku kiliniki ya shuga, muziyeza shuga m'mawa musanadye ndi kulemba manambalawo, ndipo muziyenda ndi maswiti angapo m'thumba. Akakutsegulani m'mimba kapena kukupwetekani m'mimba, musiyeni.