Madigiri 90 si chizindikiro choti laputopu ikupsa

"Laputopu yanga yafika madigiri 90, kodi purosesa ipsa?"

Ayi. Mapurosesa ambiri a Intel a m'malaputopu malire ake ndi 100°C, ndipo akafika pamenepo amachepetsa okha liwiro kuti azizire. Kutentha kukapitirirabe, makinawo amazima purosesa isanawonongeke.

Chofunika n'chakuti 90 yo yabwera mukuchita chiyani. Ngati mukukonza vidiyo ya ukwati masana a Okutobala muno mu Lilongwe, musadandaule, bola itsike mukamaliza.

Koma ngati mwangotsegula Word, pamene imayenera kukhala cha m'ma 40 kapena 50, ndiye pali vuto. Kawirikawiri limakhala fumbi lomwe latseka potulukira mpweya: fani imalira kwambiri koma kamphepo kotuluka m'mbalimo n'kochepa. Kaipukutitseni, ndipo musamaigwiritse ntchito ili pabulangete.