Kupeputsa lipoti la pachaka musanaliike pa webusayiti

Mabungwe ambiri a kuno ku Mzuzu akamaliza lipoti la pachaka amatenga fayilo yomwe ija anapereka kwa osindikiza mabuku n'kuiika pa webusayiti mmene ilili. Pa kompyuta ya muofesi imatseguka bwinobwino chifukwa ili kale momwemo. Koma munthu wa ku bungwe lopereka thandizo amene akufuna kuona mmene ndalama zinayendera amadikira, ndipo ngati ali pa ulendo ndi foni yokha, atha kuisiya isanamalize kutsika. A m'bodi okhala ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay amaonjezapo kudandaula kuti bandulo yatha. Fayilo ya osindikiza ndi fayilo ya pa webusayiti ziyenera kukhala ziwiri, ngakhale mawu ake ali amodzimodzi.

Tiyerekeze kuti bungwe lili ndi lipoti la masamba 32 lolemera 46 MB. Musanachepetse chilichonse, dziwani pamene pali kulemerako. Mawu salemera: masamba onse 32 atakhala a mawu okhaokha, pamodzi ndi mitundu ya zilembo imene imalowa m'fayilo, kawirikawiri safika 1 MB. M'lipoti lathuli muli zithunzi 20, chilichonse cha pafupifupi 1.5 MB, zonse pamodzi 30 MB. Kumapeto kuli masamba 10 a lipoti la ofufuza za chuma amene anajambulidwa pa sikana ndi mitundu yake yonse, ndipo atenga 15 MB. Netiweki ikamayenda pa 2 Mbps, kutanthauza mamegabiti 2 pa sekondi, fayiloyi imafuna mphindi zitatu ndi kanthu, popeza MB imodzi ndi mamegabiti 8, ndiye 46 kuchulukitsa ndi 8 kugawa ndi 2 zikupereka masekondi 184. Apo ndiye kuti netiweki sinadukepo. Pa imelo sipita n'komwe: Gmail imalola zomata zosapitirira 25 MB.

Mulingo umene ndimalangiza ndi wakuti lipoti la pachaka lokhala ndi zithunzi likhale pakati pa 2 MB ndi 5 MB, ndipo chikalata cha mawu ndi matebulo okha chisafike 1 MB. Si lamulo la wina aliyense, koma fayilo yotere imatsika m'masekondi ochepa ndipo wolandira atha kuitumiza kwa anzake muofesi popanda imelo kubwerera.

Ntchito yaikulu ili pa zithunzi, ndipo apa pakufunika kumvetsa kawerengedwe kamodzi. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Foni ya kamera ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Chithunzicho mukachiika pa tsamba la A4, chimatenga malo a masentimita 17 basi, mukachotsapo mipata ya m'mphepete mwa tsamba, omwe ndi mainchi 6.7. Wowerenga pa kompyuta kapena pa foni amakhutira ndi madontho 150 pa inchi iliyonse, chimene mapulogalamu amalemba kuti 150 dpi kapena 150 ppi. Chulukitsani 6.7 ndi 150, mupeza mapikiselo pafupifupi 1000. Choncho chithunzi cha 1000 ndi 750 chikukwana, ndipo chili ndi madontho ochepa maulendo 16 poyerekeza ndi chija chinachokera m'foni. Mukachisunga ngati JPEG pa mlingo wa ubwino wa 75 kapena 80, chimakhala cha pakati pa 100 KB ndi 200 KB kutengera zimene zili m'chithunzimo. Munda wa khofi wodzaza masamba umalemera kuposa nkhope ya munthu ataima pa khoma loyera. Zithunzi 20 zija zikatero zimachoka pa 30 MB n'kufika pafupifupi 3 MB.

Osindikiza amafuna 300 dpi chifukwa pepala limaonetsa zinthu zimene galasi la foni silionetsa, ndiye fayilo yawo isungeni payokha, musaikhudze.

Anthu ambiri amanyengeka poganiza kuti kukoka ngodya ya chithunzi mu Word kuti chioneke chaching'ono kumachipeputsa, kapena kuti mbali imene aidula yachokeratu. Kukokako kumangosintha malo amene chithunzi chatenga pa tsamba. Kuti chipepuke ndithu, dinani chithunzi, pitani pa Picture Format, musankhe Compress Pictures. Chotsani chizindikiro pa Apply only to this picture kuti zithunzi zonse zikhudzidwe, siyani chizindikiro pa Delete cropped areas of pictures, kenaka sankhani Web (150 ppi). Chitani izi pa kope, chifukwa madontho akachotsedwa sabwereranso. Ogwiritsa LibreOffice apite pa Export as PDF, aike JPEG compression pa 80% ndi Reduce image resolution pa 150 DPI.

Samalaninso ndi PNG. Ndi yabwino pa chizindikiro cha bungwe ndi zojambula za mizere, koma chithunzi cha anthu kapena cha kumunda chikasungidwa ngati PNG chimalemera maulendo angapo kuposa JPEG. Machati a ndalama musamawajambule pa kompyuta n'kuwamata ngati chithunzi. Akopereni kuchokera mu Excel kuti manambala akhalebe zilembo zenizeni, zimene sizichita chimbuuzi wowerenga akakulitsa tsamba.

Masamba a pa sikana ndi nkhani ina. Tsamba lotere limaoneka ngati mawu, koma kwa kompyuta ndi chithunzi chimodzi chachikulu. A4 pa 300 dpi ndi mapikiselo 2480 ndi 3508, ndipo sikana ikasiyidwa pa mitundu yonse imasunga ngakhale kuderako kwa pepala ndi mthunzi wa pamene linapindika. Choyamba, funsani ofufuza za chumawo ngati angakupatseni PDF yochokera pa kompyuta yawo. Ikapezeka, vuto latha. Ikapanda kupezeka, jambulaninso: masamba a manambala okhaokha pa Black & White, 300 dpi, pomwe tsamba limodzi kawirikawiri silifika 100 KB. Masamba okhala ndi siginecha ndi chidindo ajambuleni pa Grayscale, 200 dpi, chifukwa Black & White imafufuta inki yofooka ya bolopeni ndipo chidindo chimasanduka dontho lakuda losawerengeka. Wopereka thandizo amayang'ana masamba amenewo poyamba, choncho musaumire ma KB pamenepo. Masamba 8 a manambala ndi 2 a masiginecha atha kukwana mu 1.5 MB.

Ine ndimaona kuti lipoti la ofufuza za chuma liyenera kukhala fayilo yakeyake. Amene amalifuna ndi a ku ofesi ya ndalama, ndipo iwo safuna kudutsa zithunzi 20 kuti alipeze. Mukalipatula, lipoti lathu la pachaka limatsala ndi masamba 22 olemera pafupifupi 4 MB, omwe pa netiweki yomwe ija amatsika m'masekondi 16.

Nthawi zina wokonza lipoti amakupatsani PDF yokha ya osindikiza, fayilo yoyambirira n'kukhala nayo iye. Pamenepo pulogalamu yaulere ya Ghostscript imathandiza. Mukaiika pa kompyuta, lembani lamulo ili mu Terminal kapena Command Prompt:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/ebook -dNOPAUSE -dBATCH -sOutputFile=lopepuka.pdf lalikulu.pdf
```

Pa Windows lembani `gswin64c` m'malo mwa `gs`. Mawu akuti `/ebook` amatsitsa zithunzi kufika pa 150 dpi osakhudza mawu. Palinso `/screen` imene imatsitsa kufika pa 72 dpi, koma iyi imaononga: nkhope zimachita mabokosimabokosi ndipo manambala a pa sikana, monga 3 ndi 8, amayamba kufanana. Ngati PDF inasainidwa pa kompyuta ndi siginecha yotsimikizika, musaidutsitse mu Ghostscript, chifukwa fayilo imalembedwa mwatsopano ndipo siginechayo imatha mphamvu. Mawebusayiti opeputsa PDF amagwira ntchito yomweyi, koma mumayamba mwatumiza 46 MB yonse pa bandulo yanu, ndipo chikalatacho chimakhala m'manja mwa kampani yomwe simukuidziwa. Chokhala ndi malipiro a antchito kapena mayina a olandira thandizo chisapite kumeneko. Kuika PDF mu ZIP nakonso sikupindula, popeza JPEG ndi yofinyidwa kale, ndipo mumangopatsa wowerenga pa foni ntchito ina yomasula.

Mukatha kupeputsa, tsegulani fayilo yatsopano ndi kuikulitsa kufika pa 200%. Onani tebulo la manambala aang'ono kwambiri, tsamba la masiginecha, ndi chizindikiro cha wopereka thandizo, chimene mabungwe ambiri amakhala nacho ndi malamulo a kaonekedwe kake. Kenaka dinani Ctrl+F mufufuze liwu limene mukudziwa kuti lilimo, monga Karonga. Likapanda kupezeka, ndiye kuti masambawo asanduka zithunzi. Wowerenga sangakopere nambala, ndipo pulogalamu yowerengera anthu osaona singawerenge kanthu. Pa masamba a sikana, mankhwala ake ndi OCR, imene imazindikira zilembo za m'chithunzi n'kuika mawu osaoneka kuseri kwake. Mapulogalamu ambiri a sikana amaitcha Searchable PDF. Onaninso kuti zilembo monga ŵ m'mayina a Chitumbuka sizinasanduke kabokosi.

Poika pa webusayiti, dzina la fayilo likhale la zilembo zing'onozing'ono, lopanda mipata, lokhala ndi dzina la bungwe ndi chaka, monga `dzinalabungwe-lipoti-lapachaka-2024.pdf`. Fayiloyo ikatsika imakakhala pakati pa malipoti a mabungwe ena ambiri, ndipo yotchedwa `final2.pdf` imasochera. Pa linki lembani chimene chili, mtundu wake ndi kulemera kwake: Lipoti la pachaka la 2024, PDF, 4 MB. Pamwamba pa linkiyo ikani ndime ziwiri kapena zitatu zonena ndalama zimene zinalowa, zimene zinagwiritsidwa ntchito, ndi anthu amene anafikiridwa, kuti wothamanga aone zazikulu asanatsitse kanthu.

WordPress, pulogalamu yoyendetsera webusayiti, ikakana fayilo ponena kuti yapyola malire, malirewo amaikidwa pa seva ndi `upload_max_filesize`, ndipo PHP, pulogalamu imene WordPress imadalira, ikakhala yosasinthidwa amayambira pa 2 MB. Pemphani amene amakusungirani webusayiti akweze kufika pa 8 MB kapena 10 MB, pamodzi ndi `post_max_size` imene iyenera kukhala yokulirapo. Musapemphe 100 MB, chifukwa malire ochepa amatchinga fayilo ya osindikiza wina akaisankha molakwitsa. Mukakonza cholakwika m'lipoti n'kuliikanso ndi dzina lomwelo m'mwezi womwewo, WordPress imaonjezera `-1` ku dzina, fayilo yakale n'kukhalabe pomwepo, ndipo amene munawatumizira linki kale amapitiriza kutsitsa yolakwika ija. Chotsani yakale kaye, kenaka ikani yatsopano ndi dzina lomwelo, ndipo linki ikasintha chifukwa mwezi wasintha, atumizireni yatsopanoyo. Pomaliza zimitsani Wi-Fi ya muofesi, mutsegule linkiyo pa foni ndi bandulo ya TNM kapena ya Airtel, muone nthawi imene itenge ndiponso ngati tsamba lokonzedwa lija ndi limene latsika.